Kasitomala ndamupeza ndi R75, amagula za R350, nanga ndalama zikupita kuti?

Bambo a Tadala: Abale anga, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Ambiri mukundidziwa, ndimafikitsa zakudya zakumudzi m'makomo: ufa woyera, usipa, mpunga wa Kilombero, nyemba, ndi Sobo akapezeka. Katundu amabwera pa basi, ndimakamutenga m'tauni n'kudzasunga kuno ku Cosmo City, mu Joni. Njinga yamoto ndili nayo imodzi, Boxer, amayendetsa mphwanga, ndipo ndimamupatsa R35 pa oda iliyonse. Mwezi wa Malichi ndinaganiza zosaka makasitomala atsopano. Ndinalipira R1,200 ku Facebook, ndinasindikizanso timapepala ta R600. Panabwera anthu atsopano 24. Ndikagawa R1,800 kwa anthu 24, munthu mmodzi ndamupeza ndi R75. Oda ya munthu mmodzi imakhala cha m'ma R350. Mwa masamu anga ndinaona kuti zayenda bwino kwambiri. Koma pano tili mu Seputembala, njinga ikungoyenda usana ndi madzulo, mpamba sukukula. Ndikufuna kubwerezanso kutsatsa mwezi wa mawa, mayi a Tadala akukana. Ndithandizeni kuona pamene ndikuphonya.

Che Jafali: Achimwene, R75 kupezera munthu wa R350 ndi mwayi umenewo. Ine ndayendetsa njinga pakampani ina ya zakudya zaka zinayi, ndimamva mabwana akukambirana zimenezi. Amati kasitomala azikubwezera katatu ndalama imene wamupezera. Inu mwapitirira katatu pa oda yoyamba yomwe. Onjezerani ndalama ku Facebook, musamvere zamantha.

aNaphiri: Che Jafali, katatuko mwamva bwino, koma mukuyerekeza ndi nambala yolakwika. R350 si ya Bambo a Tadala. Yambiri ndi ya amene anawagulitsa usipa ndi ya basi imene inanyamula. Ine ndimalemba mabuku a ndalama m'mashopu awiri ku Randburg, ndipo cholakwika ichi ndimakumana nacho mwezi ndi mwezi. Bambo a Tadala, tiyambe ndi mbali yokopera anthu. Timapepalato tinadzigawa tokha? Mauthenga a anthu ofunsa mitengo munkayankha ndi bandulo ya ndani? Ndiye ndikukumbuka chithunzi chanu chija, panalembedwa kuti oda yoyamba dilivale ndi yaulere.

Bambo a Tadala: Zoona achemwali. Mnyamata wogawa timapepala ndinamupatsa R300 masabata awiri. Bandulo ndi mayunitsi oimbira anthu amene ankafunsa zinakwana R180. Dilivale ndimalipiritsa R40, ndipo onse 24 aja ulendo woyamba sanalipire. Zimenezi sindinaziwerengere chifukwa sindinatulutse ndalama m'thumba.

aNaphiri: Simunatulutse, koma njinga inayenda ndipo mphwanu munamulipira. Ndalama imene mwaisiya dala kuti munthu abwere ndi ndalama yomukopera basi. R40 kuchulukitsa ndi 24 ndi R960. Tikaphatikiza R1,200, R600, R300, R180 ndi R960, zonse ndi R3,240. Gawani kwa anthu 24, mupeza R135 pa munthu mmodzi. Mtengo weniweni wa kasitomala wanu ndi umenewo, osati R75. Tsopano tiuzeni za oda imodzi ya R350: katundu wake mumamupeza pa zingati akafika m'chipinda mwanu, kuphatikiza basi?

Bambo a Tadala: Ndakhala pansi ndi kope langa. Katundu wa R350 amandidyera R260 pamodzi ndi ya basi ndi ya thakisi yokamutengera. Ndiye pamatsala R90, kuonjezera R40 ya dilivale, R130. Pamenepo ndichotsepo R35 ya mphwanga, petulo cha m'ma R15, mapulasitiki R5. Njinga ndikawerengera oyilo, matayala ndi tcheni, ndiike R10 pa ulendo. Palinso timandalama ta ku banki ndi katundu woonongeka, monga nyemba zofumbwa kapena ufa umene wanyowa m'njira, ndiikenso R10. Zonse R75. Ndiye kuti pa oda ndimatsala ndi R55. Abale, nambala imeneyi ndinali ndisanailembepo chiyambire.

Mayi a Chikondi: Pepani kulowerera, usipa mukugulitsa bwanji ndowa yaing'ono ija? Komanso kodi mumatumizanso katundu ku Malawi? Ndili ndi chikwama chofunika kupita ku Lunzu mwezi uno usanathe.

Bambo a Tadala: Mayi, ine ndimangofikitsa m'makomo muno mu Joni, zotumiza kumudzi ayi. Za usipa ndikuyankhani kumbali.

aNaphiri: R55 imeneyo ndiye tiigwire. Munthu mwamupeza ndi R135, ulendo uliwonse akukusiyirani R55. Akagula kamodzi, mwaluza R80. Akagula kawiri, mukadali pansi ndi R25. Ndi pa oda yachitatu pamene wabweza ndalama yanu, ndipo phindu loti mungadye limayambira pamenepo. Choncho funso si lakuti anabwera angati. Funso ndi lakuti mwa 24 aja, anafika pa oda yachitatu ndi angati. Tsegulani kope kuyambira Malichi mpaka Ogasiti, dzina lililonse muwerenge kuti lagula kangati.

Mphwanga wa ku Honeydew: Anti, pang'ono pokha, ndisasokonezeke. Oda yoyamba ija sanalipire R40, ndiye phindu lake si R15 m'malo mwa R55?

aNaphiri: Wafunsa bwino mwana wanga. R40 imeneyo taiika kale mu R135 muja. Ukaichotsanso ku phindu la oda yoyamba, waiwerenga kawiri. Sankha mbali imodzi. Ine ndimakonda kuiika kumbali yokopera, chifukwa imakukumbutsa kuti zaulere zili ndi mtengo.

Bambo a Tadala: Ndachezera kuwerenga. Mwa anthu 24, anthu 11 anagula kamodzi kokha osabweranso. Asanu anagula kawiri. Anayi agula kanayi. Anayi ena akugula mwezi uliwonse, ndiye kuti kasanu ndi kamodzi pofika Ogasiti. Maoda onse pamodzi ndi 61. Ndikachulukitsa ndi R55 ndikupeza R3,355. Ndinaononga R3,240. Ndiye kuti miyezi isanu ndi umodzi yonseyi, mvula ya mu Malichi, chisanu cha mu Juni mphwanga akubwera zala zitauma, ndapindula R115. Mayi a Tadala anaona zoona.

Che Jafali: Ayi achimwene, musadzigwetse mphwayi. Mwadula msanga. Kasitomala samatha pa miyezi isanu ndi umodzi. Munthu wokonda nsima ya ufa woyera adzaufuna chaka chino, chaka chamawa, mpaka kale. Tengani zaka zitatu: miyezi 36 kuchulukitsa ndi R55 ndi R1,980. Munthu wa R1,980 mwamupeza ndi R135, mukudandaula chiyani?

Gogo Mbewe: Che Jafali, ndakhala muno kuyambira 1998, ndagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Bryanston ndi ku Fourways. Anthu athu amene akugula ufawa ndi ndani? Ndi a m'magadeni, a m'makhitchini, alonda. Bwana akasamukira ku Cape Town, munthu ntchito yatha, wabwerera ku Diepsloot kwa mbale wake. Wina mapepala amuvuta. Wina wapita kumaliro ku Mangochi, wakhala komweko miyezi inayi. Nambala ya foni imasintha kawiri pachaka. Zaka zitatu mukunenazo ndi anthu angati amene amazikwanitsa ali pa adiresi imodzi? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

aNaphiri: Agogo anena zimene ndimafuna kunena. Ndionjezere kuti R1,980 ya Che Jafali ndi ya kasitomala wabwino koposa onse, wogula mwezi uliwonse osadumpha. Otere alipo anayi okha mwa 24. Koma R135 ija inalipiridwa pa onse, kuphatikizapo 11 amene anangolawa n'kupita. Sungatenge mtengo wa gulu lonse n'kuuyerekeza ndi phindu la munthu mmodzi wosankhika. Ngati mtengo tagawa kwa 24, phindunso tigawe kwa 24. R3,355 kugawa kwa 24 ndi pafupifupi R140. Ndiye pakali pano kasitomala wa mu Malichi wabweretsa R140, anadya R135.

Komabe Che Jafali sakunama pa chinthu chimodzi: nkhani sinathe. Anayi okhulupirika aja akadalipo. Tinene kuti apitiriza mpaka Febuluwale, tichotsepo Disembala ndi Januwale poti ambiri amapita kumudzi ndipo amabwerako ndi ufa wawo m'chikwama. Ndi miyezi inayi, anthu anayi, maoda 16, R880. Imeneyo mungailembe, koma ndi pensulo, pambali. Ndalama yoyembekezera sigula petulo. Pabizinesi ya mpamba wochepa ngati iyi ine sindiwerenga kupitirira chaka chimodzi, ndipo chimene ndimayang'ana kwambiri ndi chakuti ndalama yabwerera patapita miyezi ingati. Apa R3,240 yatenga miyezi isanu ndi umodzi kuti ibwerere. Ikanagula matumba a mpunga, ikanazungulira kangati m'miyezi imeneyo?

Che Jafali: Nanga katatu amanena mabwana aja ndi bodza?

aNaphiri: Si bodza, koma ndi muyeso wotchuka m'makampani ogulitsa mapulogalamu a pakompyuta amene munthu amalipira mwezi ndi mwezi. Kwa iwo kutumikira kasitomala wina woonjezera sikudya ndalama zambiri, ndipo amakhala ndi ndalama zodikirira chaka kapena kuposerapo. Katatuko amasiyira malo zinthu zimene sizili pa oda imodzi, monga lendi ndi malipiro. Kwa Bambo a Tadala zimenezo ziliponso: lendi ya chipinda chosungira katundu, laisensi ya njinga, tsiku limene njinga yagona kwa makaniko. R55 ija sinalipire chilichonse mwa zimenezi. Ndiye R140 pa R135 si kufanana mphamvu ayi, ndi kuluza pang'onopang'ono.

Alamu a ku Midrand: Ine ndingoti Facebook ndi kutaya ndalama. Ndinayesapo ndi makeke anga, anthu mazana anakonda chithunzi, ogula awiri. Siyani zonsezi muzingodalira anthu kuuzana.

aNaphiri: Mwina alamu akulondola, koma tisagamule tisanaone. Bambo a Tadala, mungathe kusiyanitsa amene anabwera ndi Facebook ndi amene anabwera ndi timapepala?

Bambo a Tadala: Ndingathe, chifukwa a timapepala ankanditumizira chithunzi cha kapepalako kuti apeze dilivale yaulere. A Facebook ndi 15, a timapepala ndi 9. Ndayesa kuchita monga mwandiphunzitsira. Ku Facebook: R1,200, bandulo R180, zaulere R600, zonse R1,980, ndiye R132 pa munthu. Ku timapepala: R600, mnyamata R300, zaulere R360, zonse R1,260, ndiye R140 pa munthu. Kusiyana kwake ndi R8 yokha, Facebook ndiye yotsikirapo.

Koma taonani kugula kwawo. A Facebook: khumi anagula kamodzi, atatu kawiri, awiri kanayi. Maoda 24, ndiye R1,320. A timapepala: mmodzi kamodzi, awiri kawiri, awiri kanayi, ndipo anayi okhulupirika aja onse ndi a timapepala. Maoda 37, ndiye R2,035. Kutanthauza kuti ku Facebook ndinaluza R660, ku timapepala ndinapindula R775. R115 ija inali kubisa zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Ndipo ine mwezi wa mawa ndimafuna kuika ndalama zonse ku Facebook, poti ndi kumene kunachokera anthu ambiri.

aNaphiri: Apa ndiye pagona nkhani. Munthu wa Facebook mwamupeza ndi R132, wabweretsa R88. Wa kapepala mwamupeza ndi R140, wabweretsa R226 ndipo akugulabe. Pakhomo polowera amaoneka ofanana mtengo. Ndichenjeze chabe kuti anthu 9 ndi ochepa. Awiri mwa anayi aja atasamuka mawa, chithunzi chisintha. Musalumbirire timapepala chifukwa cha mwezi umodzi. Chofunika ndi kumvetsa chifukwa chake. Timapepalato tinagawidwa kuti, ndipo a Facebook aja amakhala kuti?

Bambo a Tadala: Timapepala tinagawidwa pa malo okwerera mathakisi m'mbali mwa msewu wa Malibongwe, ndi panja pa tchalitchi china chimene amapemphera Amalawi ambiri. Anthu ake ndi a ku Northriding, Honeydew ndi konkuno ku Cosmo. A Facebook ndi obalalika: wina ku Turffontein, wina ku Tembisa, wina ku Kempton Park. Poika chotsatsacho ndinangosankha Johannesburg yonse.

Che Jafali: Apo ndiye ndilankhule za ntchito yanga, chifukwa msewu ndimaudziwa. Achimwene, R55 yanu ija si yoona kwa munthu wa ku Turffontein. Kuchoka ku Cosmo kukafika kumeneko n'kubwerera ndi makilomita opitirira 60. Boxer yonyamula katundu, kuima ndi kunyamuka pa maloboti, imamwa pafupifupi malita awiri, ndipo lita ili pamwamba pa R20. Petulo yekha ndi cha m'ma R45, osati R15. Phindu latsika kufika pa R25 tisanawerenge matayala, ndipo mphwanuyo wapita theka la tsiku chifukwa cha oda imodzi. Pamene ku Northriding, mukakhala ndi anthu anayi m'mpanda umodzi, ulendo ndi umodzi, petulo wa R15 agawana anayi, aliyense akukusiyirani cha m'ma R65. Ife pakampani timakanirana maulendo aatali pa chifukwa chomwechi.

aNaphiri: Zikomo Che Jafali, mbali imeneyo ine sindikanaidziwa bwino chotero. Ndiye kuti R660 yoluza ku Facebook ndi yochepetsa, yeniyeni ndi yokulirapo. Koma taonaninso kuti mlandu mwina si wa Facebook, ndi wa kusankha mzinda wonse. Chotsatsa chimalola kusankha dera lozungulira malo amodzi. Mukadzayesanso, yesani ndi ndalama yochepa, monga R300, dera la pafupi lokha, ndipo mulembe anthu ake padera.

Alamu a ku Midrand: Ine ndikukanabe. Wa pa Facebook amabwera chifukwa cha mawu oti "ulere". Ulere ukatha nayenso watha. Kaya akhale pafupi kaya kutali.

Achimwene a ku Kya Sand: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndiyenera kulankhula, chifukwa ine ndine mmodzi mwa 11 aja amene anagula kamodzi. Bambo a Tadala, musandikwiyire. Sindinabwere chifukwa cha ulere, ndipo sindinasiye chifukwa ulere unatha. Nthawi imeneyo ndinkagona kuntchito, m'nyumba za mpanda ku Fourways. Tinagwirizana kuti katundu afika cha m'ma 4 koloko Loweruka. Anafika 8 koloko usiku. Alonda a pageti anakana kutsegulira njinga popanda nambala yochokera kwa mwini nyumba, ndiye ndinachita kukagogoda kwa abwana anga ali patebulo ndi alendo. Ndinayenda mpaka kugeti mumdima, n'kupeza mnyamata wanu atanyowa, thumba la ufa lili ndi chigamba chonyowa pansi pake. Ndinamumvera chisoni, ndinalandira. Ufa unali wabwino, nsima yake inandikumbutsa kwathu ku Ntcheu. Koma manyazi a tsiku limenelo sindinafune kuwaonanso. Ndipo palibe anandiimbira kufunsa kuti zinayenda bwanji. Mukanaimba, ndikanakuuzani kuti Lamlungu masana ndiye nthawi yanga yabwino.

Bambo a Tadala: Achimwene, pepani kwambiri, ndipo zikomo polankhula poyera. Tsikulo ndikulikumbuka. Mphwanga anayamba wapita ku Kempton Park ndi oda imodzi, mvula inamupeza pobwerera, ndiye onse a kufupi anachedwa. Ndikuona tsopano kuti munthu wakutali uja sanangondidyera petulo, anandithamangitsiranso inu amene munali pafupi.

Gogo Mbewe: Mwamvatu. Anthu a m'mipanda ali ndi nthawi zawo. Loweruka madzulo bwana ali pakhomo, wantchito safuna phokoso pageti. Funsani munthu tsiku limene amapuma, mulembe pambali pa dzina lake. Ndipo malipiro ambiri amabwera kumapeto kwa mwezi. Mukamuimbira pa 12 adzati alibe ndalama, inu n'kuganiza kuti wakusiyani.

aNaphiri: Nkhani ya achimwene a ku Kya Sand ikutionetsa kumene kuli ndalama yotsika mtengo. Kupeza munthu watsopano ndi R135. Kuimbira munthu amene anagulapo kale ndi ndalama zosakwana R5. Mwa 11 aja, atabwerera atatu okha n'kugula kawiri aliyense, ndi maoda 6, R330, osasindikiza kapepala ngakhale kamodzi. Nambala ziwiri tikuziyerekezazi, anthu ambiri amalimbana ndi yoyamba, kufuna kuitsitsa. Koma yachiwiri ndi imene ili m'manja mwanu kwambiri, makamaka pakati pa oda yoyamba ndi yachiwiri, pomwe mwataya anthu pafupifupi theka.

Mphwanga wa ku Honeydew: Nanga munthu umadziwa bwanji kuti wachokadi? Anayi aja ogula kanayi m'miyezi isanu ndi umodzi, alipo kapena apita?

aNaphiri: Sipakhala kalata yotsanzika, ndiye umayang'ana kadumphidwe kake. Amene anagula Malichi, Epulo, Meyi, Juni kenako zii, ameneyo wadumpha malipiro awiri, muyese wopita mpaka mutamva mawu ake. Amene anagula Malichi, Meyi, Juni, Ogasiti alipo, kungoti thumba lake la ufa limakhalitsa. Onse ndi "kanayi" m'kope, koma si amodzi. N'chifukwa chake tsiku la oda yomaliza liyenera kulembedwa.

Bambo a Tadala: Ndayang'ana. Awiri a timapepala anagula mu Ogasiti, alipo. Awiri a Facebook anamaliza mu Juni, ndipo mmodzi wa iwo anapita ndi ngongole yanga ya R350. Foni yake sikupezekanso.

aNaphiri: Ngongoleyo inali mu maoda 61 aja?

Bambo a Tadala: Inalimo, ndinaiwerenga ngati yolipidwa.

aNaphiri: Ndiye chotsani R350 yonse ya katunduyo, ndi R40 ya dilivale ngati nayonso sanapereke. R115 ija yatha, mwalowa pansi ndi R275. Ngongole imodzi yothawitsidwa yadya phindu la maoda asanu ndi awiri. Ndipo zimapweteka chifukwa ngongole timapatsa amene tayamba kumukhulupirira, wa oda yachitatu kapena yachinayi, pa nthawi yomwe wangoyamba kumene kutibwezera.

Mayi a Chikondi: Tsopano ndamva nkhani yake, poyamba ndinaphonya. Ine ndimaphika nsima ndi kukaperekera anyamata a pamalo ena omanga nyumba. Sindinalipirepo chotsatsa. Mmodzi akakonda, mawa abwera ndi anzake atatu. Bwanji a Bambo a Tadala osangouza anayi okhulupirika aja kuti aliyense wobweretsa mnzake achotseredwa R30? Ndi yochepa kuposa R135, ndipo mnzakeyo amakhala pafupi naye, mwina mpanda womwewo.

Mphwanga wa ku Honeydew: Ndipo R30 izituluka mnzakeyo akagula kachiwiri, osati koyamba. Apo ayi anthu azingolembetsa abale awo kamodzi kamodzi kuti adye ma R30. Komanso ankolo, kope lija mulisamutsire mu Google Sheets pafoni. Mzere uliwonse oda imodzi: tsiku mu A, nambala ya foni mu B, dera mu C, amene anamubweretsa mu D, zolipira mu E. Mu F2 mulembe izi n'kuzikopera m'mizere ya pansi, zizikuuzani kuti munthuyo wagula kangati:

```
=COUNTIF(B:B,B2)
```

Gwiritsani nambala ya foni osati dzina, chifukwa a Banda mupeza alipo asanu.

Gogo Mbewe: Za R30 ine mtima wanga sukugwirizana nazo. Munthu akauza mnzake za ufa wabwino amachita mwa chibale. Mukaikapo ndalama, mnzakeyo akadzamva adzati kani umandigulitsa. Ine wondibweretsera munthu ndimamuikira kambale ka usipa pamwamba osanena kanthu. Amasangalala kuposa R30.

Che Jafali: Agogo, kambale ka usipako nakonso ndi ndalama.

Gogo Mbewe: Ndi ndalama, alembe m'kope mwakemo. Koma asalengeze.

aNaphiri: Zonse ziwiri zilembedwe kumbali yokopera, pa dzina la munthu watsopanoyo. Kuti yabwino ndi iti, masamu sangatiuze tisanayese. Pali china chimene inenso ndimasinkhasinkha nacho: ngati mayi wa ku Northriding wabweretsa anzake awiri, phindu la awiriwo tiliike pa iye, kapena aime paokha ngati gulu latsopano? Mukaliika pa iye, timapepala ta mu Malichi tioneka taphindu koposa, ndipo mwina ndi zoona, poti popanda kapepala awiriwo sakanabwera. Koma mukatero musawawerengenso kwina ngati anthu opezeka mwaulere. Ine ndimawaika paokha, anzanga ena a mabuku amatsutsa.

Alamu a ku Midrand: Nanga nthawi ya mwini wake? Usiku wonse woyankha anthu ofunsa mitengo osagula, imeneyo mwaiika pati? Ine pa makeke ndi imene inandifoola.

aNaphiri: Sitinaiike paliponse, alamu, ndipo mwakumbutsa chinthu chenicheni. Bambo a Tadala, ofunsa anali angati kuti mupeze 15 aja?

Bambo a Tadala: Mauthenga akadali mufoni. Ofunsa a ku Facebook anapitirira 80. A timapepala anali 13, ogula 9. Mtengo wa nthawi yanga sindikudziwa kuti ndiuike pa zingati, poti masana ndimakhala kuntchito ya ukalipentala, izi ndimachita usiku. Ndiyamba ndaimbira 11 aja sabata ya malipiro, kupatula a ku Tembisa ndi ku Kempton Park. Chikundivuta ndi mayi wina wa ku Turffontein, wagula kawiri, amalipira nthawi yomweyo, ndipo ndi wa kwathu ku Dedza. Kumuuza kuti dilivale yakwera kufika R80 ndikuchita manyazi, kumusiya ndikuchitanso manyazi.

Che Jafali: Mufunseni ngati ali ndi anzake kumeneko kapena ku Rosettenville, Amalawi ndi ambiri mbali imeneyo. Akakwana asanu, muziwapatsa tsiku limodzi pamwezi, Lamlungu loyamba malipiro atalowa, njinga ipite kamodzi. Koma bokosi la Boxer silinyamula matumba asanu a ufa pamodzi ndi mpunga. Muyeze kaye kulemera kwake musanalonjeze.

Achimwene a ku Kya Sand: Ine musavutike kundiimbira, ndalankhula kale pano. Ndilembeni ufa wa makilogalamu 10 ndi nyemba, Lamlungu likubwerali masana. Pano ndikukhala ku Kya Sand, kulibe geti.